Nkhope imene ndinatumiza si imene achimwene anaona

Anzanga, teremu yatha ndinatsala pang'ono kudana ndi achimwene anga chifukwa cha kankhope kamodzi ka pa foni. Iwo amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo ndi amene anandilipirira ndalama ya mayeso. Ndalama itafika ndinabwereka foni ya amayi, yakalekale ija yosweka galasi, n'kulemba meseji wamba: "Ndalandira achimwene." Kumapeto ndinaika emoji imene kwa ine inkaoneka ngati kamwana komwetulira, maso kali m'mwamba ngati kakuthokoza.

Madzulo anaimba, mawu ali olemera. "Iwe, ndalama yachepa eti? Ukundipeputsa?" Ine kakasi. Atanditumizira chithunzi cha zimene zinaoneka pa foni yawo, ndinagwira pakamwa. Kumwetulira kunalibe. Inali nkhope yotembenuza maso, ija ya munthu amene akuti "aaa, zomwezi basi?"

Chinachitika n'chiyani? Ambirife timaganiza kuti tikadina emoji, foni imatumiza chithunzi. Ayi ndithu. Imatumiza nambala. Pali bungwe lotchedwa Unicode Consortium limene limapereka nambala ndi dzina kwa chilembo chilichonse, kuphatikizapo ma emoji. Imene ndinadina ine nambala yake ndi U+1F644, ndipo dzina lake pa Chingerezi limatanthauza nkhope yotembenuza maso. Nambalayo ikafika, foni ya mnzako imayang'ana m'nkhokwe yake ya zithunzi n'kuonetsa chimene chili pa nambala imeneyo. Bungwelo silikakamiza kajambulidwe. Apple, Google, Samsung ndi Microsoft aliyense ali ndi ojambula ake. Zili ngati aphunzitsi auze kalasi yonse kuti "jambulani galu": dzina ndi limodzi, koma wina ajambula wolusa, wina wogwedeza mchira, wina ngati mbuzi. Amene anajambula za m'foni ya amayi anaikapo kumwetulira, ine n'kukhulupirira maso anga osadziwa dzina lake.

Si ine ndekha amene zinandigwera. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Minnesota ku America anaonetsa anthu ma emoji ojambulidwa ndi makampani osiyanasiyana, n'kuwafunsa ngati nkhopeyo ndi yosangalala kapena yokhumudwa. Imene inatchuka kwambiri ndi U+1F601, nkhope yoseka mano ali pamtunda. Ya Google anthu anaiona ngati chimwemwe chenicheni. Ya Apple ya nthawi imeneyo mano ake anali olumana, moti ambiri anaiona ngati ya munthu amene zamuvuta. Tangoganizani mnzanu wakuuzani kuti wakhoza masamu, inu mwamusekerera, iye n'kuona ngati mwaluma mano ndi nsanje.

Chaka chomwecho Apple inasintha emoji ya mfuti kukhala kamfuti koseweretsa kothira madzi, pamene mafoni ena ankaonetsabe mfuti yeniyeni mpaka 2018. Nthabwala ya wina inkafika kwa mnzake ngati chiopsezo.

Kuyambira nthawi imeneyo makampani akhala akusintha zojambula zawo kuti zizifananako. Koma apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife kwambiri. Mafoni ambiri amene tili nawo kunyumba ndi osiyiridwa kapena ogula kwa wina, ndipo ena anasiya kalekale kulandira zatsopano. Foni yotere imakhalabe ndi zithunzi za nthawi imene inalandira zatsopano komaliza. Ukaitumizira emoji imene inabwera pambuyo pake, imangoonetsa kabokosi kopanda kanthu kapena kokhala ndi mtanda, chifukwa nambalayo siikuidziwa. Ukaona kabokosi, usayerekeze kulota tanthauzo lake. Funsa.

Pa WhatsApp zimapepukako pang'ono. Pa mafoni a Android pulogalamuyi imagwiritsa ntchito zojambula zakezake, choncho awiri a Android nthawi zambiri amaona zofanana. Koma wa iPhone amaona za Apple. Pa meseji wamba ndiye foni iliyonse imaonetsa zake.

Panopa ndikamalembera munthu wamkulu, kapena nkhani ikakhala ya ndalama, ya maliro kapena yopepesa, ndimalemba mawu onse kaye, oti angamveke ngakhale kankhope katachotsedwa. Nkhope zovuta, monga zoonetsa mano, zopotoza pakamwa ndi za maso oyang'ana kumbali, ndimazisiyira anzanga amene tingathe kuseka limodzi zikalakwika. Amene ali ndi bando angatsegule Emojipedia, pamene emoji iliyonse ili ndi dzina lake komanso zojambula za makampani onse, zakale ndi zatsopano, zitandandalikidwa pamodzi.

Achimwene anakhulupirira pokhapokha atabwera pa Khirisimasi, titaika mafoni awiriwo pampando n'kutsegula meseji yomwe ija. Anaseka mpaka misozi. Amayi anangoti foni yawo tisaibwerekenso.