Lendi ya miyezi khumi isamale nyumba chaka chonse

Tiyerekeze kuti muli ndi nyumba ku Area 25 ku Lilongwe yomwe mumachititsa lendi pa K200,000 pamwezi. Ambiri amangochulukitsa ndi miyezi 12, n'kunena kuti chaka chino apeza K2,400,000. Fizi ya ana ndi feteleza wa kumudzi amaziwerengera pomwepo.

Koma nyumba simakhala ndi munthu chaka chonse. Wochita lendi akasamuka, pamafunika kupenta, kusintha maloko ndi kudikira wina woti alowe. Wina amakhala momwemo koma osalipira, akuti malipiro achedwa. N'chifukwa chake ndimati bajeti ya mwininyumba iziwerengera miyezi khumi yokha. Pa nyumba yathu ija, ndiye kuti tiyambire pa K2,000,000.

Pamenepo patulani K250,000 yokonzera zowonongeka. Kwerani padenga mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe. Msomali umodzi wa malata ukasukusika, madzi amalowa pang'onopang'ono, siling'i n'kuyamba mabala akuda, kenako mtanda n'kuwola. Mukaona mabalawo, dziwani kuti kudontha kunayamba kale. Yang'ananinso timizere ta dothi m'mbali mwa mafelemu a zitseko, chifukwa ndimo chiswe chimadutsa. Mpope wodontha nawo usalekereredwe: bilu ya madzi ikakwera, wochita lendi n'kuchoka osalipira, ngongoleyo imatsala panyumba panu.

Ndalama ya zadzidzidzi ndi ina, isasakanikirane ndi yokonzerayi. Iyi ndi ya tsiku lomwe mpanda wagwa ndi mvula, thanki ya chimbudzi yadzadza, kapena mphepo yasasula denga. Patulani gawo limodzi mwa magawo khumi a lendi, K20,000 tsiku lomwe mwalandira, muike ku akaunti yakeyake. Pachaka ikwana K200,000. Musaleke mpaka ifike pa lendi ya miyezi itatu, ndipo muziiwonanso chaka ndi chaka: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, penti ndi malata inakwera, ndalama yosungidwa n'kuchepa mphamvu.

Vuto lalikulu ndimaliona pa lendi yolipiriratu miyezi itatu. K600,000 ikabwera kamodzi imaoneka yambiri, ndipo imatha mwezi woyamba womwewo. Igaweni patatu, muzitapa gawo limodzi pamwezi.

Tsopano zatsala K1,550,000, ndipo misonkho sitinaikhudze. Khonsolo ya mzinda imafuna msonkho wake wa nyumba, ndipo ngati malowo ndi a lizi kuchokera ku boma, palinso lendi ya malo ya pachaka. Bungwe la MRA nalo limawerengera lendi ngati phindu loyenera kudulidwa msonkho. Ngati wochita lendi ndi kampani, imadula msonkhowo isanakupatseni ndalama, choncho muzifunsa chikalata chosonyeza kuti yadula. Sunganinso malisiti a penti, mapaipi ndi amisiri, pakuti ndalama zokonzera nyumba zimachotsedwa powerengera phindu lanu.

Mukagawa K1,550,000 ija pa miyezi 12, mupeza pafupifupi K129,000 pamwezi, misonkho isanachoke. Fizi ndi feteleza muziwerengere pa ndalama imeneyi.