Linki ya kaundula wa malonda isakhale yotsegula mpaka kale

Amalonda ambiri tsopano amasunga mitengo yoodera katundu ndi mayina a angongole pa Google Drive kapena OneDrive. Akafuna thandizo, amangotumiza linki pa WhatsApp. Vuto ndi lakuti kufufuta uthengawo sikutseka linkiyo. Amene anaikopera amatsegulabe faelo n'kumaona mitengo yatsopano nthawi iliyonse mwini wake akasintha.

Tiyerekeze mayi wa golosale ku Limbe amene wapempha munthu kuti amuwerengere ndalama za msonkho wa MRA. Ntchitoyo ndi ya masiku asanu, kuyambira Lolemba. Linki ikasiyidwa yotsegula, wowerengerayo akhoza kuipatsira wina, ndipo wa shopu yoyandikana nayo adziwa komwe mayiyo amaoda shuga ndi phindu lomwe amaikapo.

Pa OneDrive, mayiyo adine "Share", alowe pokonza linki, ndipo pa "Set expiration date" asankhe tsiku la Lolemba lotsatira, kuti pakhale mpata ngati ntchito yachedwa. Tsikulo likadutsa, linki imafa yokha. Koma mwayi umenewu ndi wa amene amalipira Microsoft 365.

Pa Google Drive, tsiku lotha limaikidwa pa munthu osati pa linki. Mayiyo alembe imelo ya wowerengerayo, amupatse "Viewer" kuti azingoona osasintha, kenako pambali pa dzina lake asankhe "Add expiration". Izi zimapezeka pa maakaunti a kuntchito kapena kusukulu. Amene sakuziona pa akaunti yake aike alamu pa foni, tsiku likafika atseke yekha.

Kutseka kuli pawiri. Koyamba, adine "Share", apeze dzina la munthuyo n'kusankha "Remove access". Kachiwiri, ayang'ane pa "General access". Ngati palembedwa "Anyone with the link", asinthe pakhale "Restricted". Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amachotsa dzina koma linki ili yotsegukira aliyense, ndiye wochotsedwayo amalowabe. Komanso ngati anapatsidwa foda yonse, achotsedwe pa fodayo, chifukwa mafaelo am'katimo amatsatira chilolezo cha foda.

Kuti atsimikize, mayiyo atsegule linkiyo pa tsamba la "Incognito" mu Chrome. Mitengo ikaoneka, ndiye kuti sanatseke. Likafunsa kuti alowe ndi akaunti, linki ya aliyense yatsekedwa, ndipo chatsala n'kuona kuti pamndandanda wa mayina patsala lake lokha.

Pali chimodzi chomwe kutseka sikungabweze. Wowerengerayo akakhala kuti anatsitsa faelo kapena kujambula sikirini, zimenezo ali nazo basi. N'chifukwa chake mayiyo asatumize kaundula yense. Akopere ziwerengero za miyezi yofunikayo mu faelo ina, mayina ndi manambala a angongole atsale kwa iye.