Foni Ifika, Koma Batire Yake Itsalira Kunja: Cifukwa N'ciani?

Anthu a ku Kasisi ndi midzi ina ya m'boma la Chongwe anazolowera kuona ndeke zikutsika pa bwalo la Kenneth Kaunda, limene liri m'boma lomweli. M'mimba mwa ndekezo, pansi pa mipando ya anthu, ndimo muyenda maphukusi ambiri ocokera kunja kwa dziko. Cifukwa ca ici, lamulo la ndeke ndilo liweruza cimene cingafike kwa munthu wa ku Chongwe ndi cimene cidzatsalira kumene cinagulidwa.

Tiyerekeze mlimi wa ku Kanakantapa amene waitanitsa zinthu zitatu ku China: foni, pawabanki yochajira foniyo, ndi botolo la pefyumu. Walipira zonse, koma patapita masiku amuuza kuti phukusi laimitsidwa. Foni iribe mlandu. Zoimitsa phukusi ndi ziwiri zinazo, ndipo popeza zonse ziri m'bokosi limodzi, foni nayonso siyenda.

Codabwitsa n'cakuti batire ya m'foni ndi ya m'pawabanki ziri za mtundu umodzi, wa lifiyamu. Batire yotere ikaphwanyika, kapena mapeto ake awiri akakhudzana ndi citsulo, imatentha yokha kucokera mkati, niyatsa inzake yoyandikana nayo. Mankhwala ozimira moto amene ali m'cipinda ca katundu angathe kupha lawi, koma saziziritsa batire, motero moto umabukanso. Ndipo ndeke ikakhala m'mwamba palibe poima kuti anthu atsike, monga icitira basi pa mseu wa ku Chipata. Pa 3 Sepitembala 2010 ndeke ya katundu ya kampani ya UPS, imene inanyamula mabatire ambiri otere, inayaka moto nigwa ku Dubai, ndipo oyendetsa onse awiri anafa. Kuyambira pa 1 Epulo 2016 bungwe la maiko loona za maulendo a ndeke, ICAO, linaletsa kunyamula mabatire ochaja a lifiyamu amene ali paokha monga katundu wa malonda m'ndeke za anthu.

Apa ndipo pali kusiyana. Batire ya m'foni iri yotsekeredwa m'cikuto cake, ndipo mapeto ake ngobisika. Pawabanki, ngakhale ioneka ngati cipangizo, lamulo liiwerengera ngati batire yoyenda yokha. Iloledwa m'ndeke ya katundu yekha basi, itamangidwa mwa njira yake, iri ndi zizindikiro ndi mapepala ake. Ogulitsa ambiri safuna kutaya ndalama pa zimenezi cifukwa ca pawabanki imodzi. Positi ya kunja nayonso silandira batire yoyenda yokha.

Ukulu wa batire uwerengedwanso, ndipo malire amene achulidwa kawiri-kawiri ndi 100 Wh. Munthu angathe kudziwerengera yekha. Pa pawabanki pamalembedwa nambala yotsatidwa ndi mAh. Acurukitse nambalayo ndi 3.7, kenaka agawe ndi 1,000. Ya 20,000 mAh ipereka 74 Wh. Ya 30,000 mAh ipereka 111 Wh, ndipo yapyola malire. Batire ya lifiyamu ya sola ya 12 V ndi 100 Ah iri ndi 1,200 Wh, ndiko kuti malire aja kakhumi ndi kawiri. Batire yotupa kapena yoonongeka siloledwa m'ndeke iriyonse.

Nanga pefyumu? Mbali yake yaikulu ndi mowa waukali wosacedwa kuyaka, conco iri m'gulu limodzi ndi petulo ndi penti. Zitini zopopera, monga za mankhwala a udzudzu, ziri ndi mpweya wopanikizidwa, kawiri-kawiri woyaka. Ngakhale zamadzi zosayaka ena amazikana, pakuti ndeke ikakwera mphamvu ya mpweya wa kunja kwa botolo imacepa, ndipo citsekero cosalimba cimadontha n'kuononga katundu wa ena.

Ogulitsa ena amanama pa pepala, nalemba kuti m'bokosi muli zoseweretsa ana. Makina ounikira katundu aonetsa batire ndi citini bwino-bwino, ndipo bokosi likagwidwa wovutika ndi wogula, amene ndalama zake zapita kale.

Mlimi uja akadaitanitsa foni payokha, ikadafika. Pawabanki ndi pefyumu zipezeka m'masitolo a mu Lusaka, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kucokera pa boma la Chongwe. Batire yaikulu ya sola njira yake ndi ya pa nyanja: sitima mpaka ku Dar es Salaam, kenaka lole yolowera pa Nakonde. Ulendo umenewo utenga masabata ambiri, motero wofuna magetsi a pampu m'cirimwe ayenera kuitanitsa mvula isanathe.