Nambala itasintha, zithunzi 64 zinatsala ndi yakale

Abale a geni, amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimagulitsa nsapato kuno ku Joni, ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa WhatsApp ndi Facebook. Chithunzi chilichonse cha katundu wanga chimakhala ndi logo pakona, pansi pake pali nambala ya foni. Foni ija itabedwa m'takisi ndinalephera kubweza nambala yakale, ndiye ndinagula ina. Apa ndi pomwe mutu unayamba kuwawa. Ndinali ndi zithunzi 64 za nsapato zomwe zikadalipo m'sitoko, zonse zikuuza anthu kuti aimbe nambala yomwe sindili nayonso. Mayi wina anandipeza patatha sabata, nkuti: "Achimwene, ndimayesa munabwerera kumudzi." Nsapato za ana ake anali atagula kale kwina.

Kulakwa kwanga kunali kwakale. Ndinkaika logo mu Photoshop, nkusunga chithunzi ngati JPEG basi. JPEG ilibe maleya, logo ndi nsapato zimasanduka chinthu chimodzi, sungachotse china nkusiya china. Mwayi wake zithunzi zoyambirira, zopanda logo, zinali mu lapitopu. Ndinayambiranso pamenepo, koma ulendo uno mwa njira yoti nambala ikadzasinthanso ndidzakonze malo amodzi okha.

Chinsinsi chake chili pa kaikidwe ka logo. Mukagwiritsa File > Place Embedded, logo imalowa ngati Smart Object koma chithunzi chilichonse chimasunga kope yakeyake. Mukagwiritsa File > Place Linked, chithunzi chimangoloza ku fayilo imodzi yomwe ili mu foda yanu. Ine ndinapanga `logo.psd`, mapikiseli 400 m'lifupi, kumbuyo kopanda mtundu, nkuiika mu foda yomwe sindiigwiragwira. Zithunzi zonse zimayang'ana fayilo imeneyo.

Kenako ndinajambula Action, yomwe ili ngati kaseti: Photoshop imasunga zomwe mwachita pa chithunzi chimodzi nkuzibwereza pa zina. Mumatsegula Window > Actions, kupanga Action yatsopano, kudina Record, kenako kugwira ntchito mwachizolowezi. Ulendo woyamba ndinangoika logo, kuikokera pakona ndi mausi, nkuimitsa. Nditaiyendetsa pa zithunzi 52 za nsapato zili patebulo, zinatuluka zoseketsa. Pa zoimirira logo inakhala bwino. Pa zogona inakagwera malo ena, pamwamba pa nsapato penipeni. Ndipo pa zithunzi zingapo zomwe anandijambulira mnzanga ndi kamera yake, logo inakula mpaka kuphimba katundu yense.

Zolakwikazo zinali ziwiri zosiyana. Kukoka ndi mausi kumasungidwa ngati mtunda, kuti sunthani mapikiseli akutiakuti, ndipo mtunda womwe ufika pakona pa chithunzi choimirira sufika pakona pa chogona. Za kukulazo zinanditengera usiku wonse kuti ndizimvetse. Poika fayilo, Photoshop imayerekeza Resolution ya logo ndi ya chithunzi. Logo yanga inali pa 72, zithunzi za mnzanga zinali pa 300, ndiye logo inkakula kupitirira kanayi, kuchoka pa mapikiseli 400 kufika cha m'ma 1,600. Mukaona logo ikusintha kukula pa zithunzi zooneka zofanana, yang'anani kaye nambala imeneyo mu Image > Image Size.

Ndinajambulanso Action motere. Poyamba Image Size, nditachotsa chizindikiro pa Resample, nkulemba 72 pa Resolution. Kenako File > Automate > Fit Image, 1600 m'mabokosi onse awiri, kuti mbali yaitali ya chithunzi chilichonse ikhale 1600, kaya nchoimirira kaya nchogona. Apo mpamene ndinachita Place Linked nkudina Enter osakoka chilichonse. Kuti logo ipite pakona ndinachita Select > All, kenako Layer > Align Layers to Selection, kusankha Bottom Edges, kubwerezanso ndi Right Edges. Njira iyi sitengera mtunda, imangofuna m'mphepete mwa chithunzi. Pomaliza ndinachotsa Selection ija nkusuntha logo pang'ono m'kati ndi Shift ndi mivi ya pa kiyibodi, kuti isamatirire m'mphepete. Kusuntha kumeneku kulibe vuto chifukwa kukuyambira pakona, malo ofanana pa chithunzi chilichonse.

Kusunga sindinakuike mu Action, ndipo dala. Ambiri amayendetsa kudzera ku File > Automate > Batch, koma kumeneko muli msampha: ngati munajambula Save As ndi dzina la fayilo, nkuiwala kudina Override Action "Save As" Commands, zithunzi zimasungidwa pa dzina limodzi, china kufufuta chinzake. Ine ndimakonda File > Scripts > Image Processor. Mumasankha foda ya zithunzi, foda ina yosungira, kudina Save as JPEG ndi Save as PSD, ndi kusankha Action yanu pa Run Action. Imapanga mafoda awiri, JPEG ndi PSD, zoyambirira zija osazikhudza. Ma JPEG ndi otumiza kwa makasitomala. Ma PSD ndiye osunga ngati ndalama, chifukwa ndi momwe logo ikadali payokha. Yesani kaye pa zithunzi zitatu, choimirira, chogona ndi cha kamera ina, musanatulutse foda yonse.

Zinatsala 12, ndipo izi zinali zovuta. Ndinazijambula pamalo anga ogulitsira, kumbuyo kukuoneka chikwangwani chokhala ndi nambala yakale. Action siona. Siidziwa kuti chikwangwani chili kumanzere kapena chapendekeka. Mukanakhala kuti munajambula zonse kamera itakhazikika malo amodzi, Action imodzi ikanakwana. Zanga zinali za pamanja, chilichonse ngodya yake. Ndiye ndinapanga `chikwangwani.psd` chokhala ndi mtundu wakumbuyo wophimba zolemba zakale, nkuchiika ndi Place Linked pa chithunzi chilichonse, kenako Edit > Transform > Distort, kukokera makona anayi pa makona a chikwangwani chenicheni. Pomwe nsapato yopachika inkadutsa kutsogolo, ndinabisa mbali imeneyo ndi Layer Mask. Chilichonse chinanditengera mphindi ngati zisanu. Ntchito ya pamanja ndithu, koma ya kamodzi, chifukwa Smart Object imakumbukira kupendekeka kuja ngakhale zam'kati zisinthe.

Mayeso anabwera patatha miyezi iwiri, nditaganiza zowonjezera mawu oti timatumizanso katundu ku Malawi pa basi. Ndinatsegula `logo.psd` ndi `chikwangwani.psd`, kulemba, kusunga. Dziwani kuti ma PSD otseka sasintha okha. Mukatsegula imodzi, pa leya pamaoneka kachenjezo kachikasu. Ndinajambula Action yachiwiri ya sitepe imodzi, Layer > Smart Objects > Update All Modified Content, nkuiyendetsa mu Image Processor pa foda ya PSD, kusunga JPEG yokha. Tiyi asanazizire zonse 64 zinali zitatuluka.

Chimodzi chokha chinandipunthwitsa tsiku lomwelo. Pofuna malo a mawu atsopano ndinakulitsa Canvas Size ya logo, ndipo pa zitatu zoyesera zija logo sinakhalenso pamalo pake. Ndinabweza kukula kwakale, nkuchepetsa zilembo kuti zikwane momwemo. Dzina la fayilo ndi foda yake nazonso sindizisintha. Mukazisuntha, leya imaonetsa chizindikiro chofiira kuti fayilo yasowa, ndipo muyenera kuilozanso ndi Relink to File, komanso Action yoyamba ija imapitiriza kukafuna logo ku foda yakale.