Dothi ndi miyala ya pansi pa silabu: muŵerenge musanaitane lole

Maziko akakwera, mwini nyumba amayamba kufunsa mtengo wa simenti ya silabu. Koma pakati pa makoma aja pamakhala dzenje lofunika kudzaza, ndipo apa ndi pamene eni nyumba ambiri amakanganirana ndi amisiri. Malole anayi abwera, mmisiri akuti dothi laperewera, mwini nyumba akuganiza kuti amubera. Kaŵirikaŵiri palibe amene waba. Dothi la m'lole ndi lotakasuka, ndipo likatsenderedwa limatsika. Amene sanaŵerengere kutsikako amagula lopereŵera.

Tiyerekeze nyumba imene m'kati mwa makoma a maziko ndi mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi. Muyese m'kati, osati kunja, chifukwa dothi sililoŵa mu njerwa. Malo onse ndi masikweyamita 60, ndipo ngati muli makoma ogaŵa zipinda, muyese chipinda chilichonse pachokha.

Kuya ndiko kumapusitsa anthu. Choyamba mupale dothi lakuda lapamwamba, la mizu ndi udzu, chifukwa limawola n'kusiya mphako. Kenako mukoke chingwe pamene padzakhale kunsi kwa silabu, muyese kuchokera pachingwepo kufika pansi m'ngodya zonse zinayi. Poloti yotsetsereka, ngati zambiri za ku Ndirande kapena ku Chilobwe, ingakupatseni masentimita 30, 40, 50 ndi 60. Muphatikize n'kugaŵa ndi 4, mupeza 45. Mukayesa ngodya yakumtunda yokha, mwadzinamiza ndi masentimita 15 m'nyumba yonse.

Masentimita 45 ameneŵa si a dothi lokha. Pamwamba pamakhala mchenga wa masentimita 5, pansi pake miyala yophwanya kapena zidutswa za njerwa zootcha bwino, zimene amisiri amati hadiko, masentimita 15. Otsala 25 ndiwo a dothi.

Dothi ndiye: 60 kuchulukitsa ndi 0.25, yankho ndi makiyubikimita 15. Uku ndi kuchuluka kwake litatsenderedwa kale. Pogula muwonjezere magawo 25 mpaka 30 pa 100 alionse, ndipo ine ndimakonda 30, chifukwa kubweza lole kaamba ka mawilibala ochepa n'kodula kuposa kutsala ndi kamulu. Muitanitse makiyubikimita 20. Miyala satsika kwambiri ngati dothi: 60 kuchulukitsa ndi 0.15 ndi 9, kuwonjezera magawo 20 pa 100, mugule 11. Mchenga masamu akuti 3, koma mugule 4, popeza wina umaloŵerera m'mipata ya miyala.

Tsono ogulitsa satchula makiyubikimita, amati "tiripu". Mutenge tepi muyese bodi ya loleyo nokha. Ikakhala mamita 4 m'litali, 2 m'lifupi, ndipo dothi lafika masentimita 50, tiripu imodzi ndi makiyubikimita 4. Dothi lathu lija likhala matiripu 5, miyala 3, mchenga 1. Lole ya matani 7 siyenera kunyamula zopitirira pamenepa kwenikweni, chifukwa kiyubikimita imodzi ya dothi imalemera pafupifupi tani ndi theka.

Masamu onseŵa amagwira ntchito ngati dothilo latsenderedwadi. Pamene anyamata akusinja ndi chitsulo chamanja, athire masentimita 10 okha, asinje, athirenso. Ndi makina onjenjemera aja angathire mpaka 15. Kukhuthula masentimita 25 nthaŵi imodzi n'kusinja pamwamba kumalimbitsa khungu lokha, pansi pali wofuwofu. Madzi akhale a pang'ono: mufumbate dothi m'dzanja, likagwirana osadontha madzi ndiye lili bwino, likamwazika ndi louma, likatuluka m'mipata ya zala lanyowetsa. Kuthira madzi mpaka kuchita thope n'kusiya kuti "likhazikike lokha" si kutsendera ayi. Katondo wosakanikirana ndi timiyala amagwira bwino. Makande a kudambo asaloŵe m'maziko, chifukwa amafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo silabu imavutika nawo chaka ndi chaka.

Kuŵerengera kumakuthandizaninso kuona ntchito imene simunaipenye ikuchitika. Ngati mwagula matiripu 5 ndipo dzenje ladzadza ndi 4 osatha, musakondwere kuti mwapulumutsa ndalama: dothilo silinasinjidwe mokwanira. Mupondepo ndi chidendene mwamphamvu, chikaloŵa auzeni abwereze musanalole miyala, mchenga, mankhwala a chiswe ndi pulasitiki wakuda. Mukadutsa apa osayang'ana, mudzazindikira patapita dzinja limodzi kapena aŵiri, pamene pansi pakulira ngati ng'oma mukagogoda, mng'alu ukutsata m'mbali mwa khoma, ndipo matailosi akusweka pakati pa chipinda. Kukonza kwake n'kuswa silabu.