Wogula Akabwera ndi Dandaulo

Mukamaphunzitsa ogulitsa m'golosale kwa tsiku limodzi, musathere m'mawa wonse mukulankhula nokha. Moni ndi kuwerenga chenji poyera, ndalama ya wogula ili pakauntala, zimatheka pa ola limodzi. Nthawi yambiri ipite ku sewero la wogula wokwiya.

Agaweni atatuatatu: wogula, wogulitsa ndi woonerera. Mayi wabwera ndi botolo la mafuta ophikira lomwe anagula dzulo, akuti chitsekerero chinali chotsegulidwa kale. Apatseni mphindi 5, kenako asinthane mpaka aliyense alawe mbali zonse.

Woonerera ayang'ane chinthu chimodzi: kodi wogulitsa wamudula mayiyo pakamwa? Ambiri amatero, amathamangira kunena kuti "si ine ndinakugulitsani." Apo imitsani sewero. Ayambirenso, amvetsere mpaka mayiyo amalize, abwereze dandaulolo m'mawu akeake, apepese, kenako anene chimene achite.

Apa m'pamene maphunziro ambiri amagwera. Wogulitsa sangalonjeze kusintha katundu ngati mwini golosale sanamulole. Choncho kumanani ndi mwiniyo tsikulo lisanafike, agamule katundu amene angasinthidwe iye palibe. Ngati n'kotheka, masana adzakhale nawo.