Chifukwa chake mvula yanga inkamveka ngati nsima ikuwira

Ndinkafuna kakanema ka masekondi 8 koyambira phunziro la mabingu: mtsikana ali pakhonde, mvula ikugwa. Ndinagwiritsa ntchito Veo 3, pulogalamu yomwe kampani ya Google inatulutsa mu 2025, imene imapanga kanema pamodzi ndi mawu ake kuchokera pa zomwe walemba. Za mawu ndinangolemba kuti:

```
sound of rain
```

Chithunzi chinatuluka bwino ndithu. Koma phokosolo, abale, linali fwafwafwa ngati nsima ikuwira, ndipo pamwamba pake panabwera nyimbo yomwe sindinapemphe.

Vuto linali langa. Taganizani: kodi mvula ili ndi phokoso lakelake? Dontho likamatsika mumlengalenga simulimva. Chimene timamva ndi chinthu chomwe dontholo lamenya, chifukwa phokoso limayamba chinthu chikamanjenjemera. Lata ndi lopyapyala komanso lolimba, ndiye limanjenjemera kwambiri n'kulira mokweza. Udzu wa padenga umameza mphamvu ya dontho, n'chifukwa chake m'nyumba yaudzu mumatha kucheza bwinobwino kukugwa chimvula. Ine sindinatchule denga, choncho pulogalamu inangolota yokha.

Chachiwiri ndi mtunda. Bingu likagunda pafupi limang'amba, phwaa! Likakhala kutali limangoguguda pansipansi, chifukwa mpweya umameza msanga mawu okwera kusiyana ndi mawu a besi. Limachedwanso. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye mphezi ya pa kilomita imodzi mumaiona kaye, bingu lake n'kufika patatha masekondi atatu. Mu kanema wa masekondi 8, kuchedwa kumeneko kumakwana, ndipo n'kumene ndinkafuna kuphunzitsa.

Ndinalembanso motere:

```
Ambient: heavy rain on an iron-sheet roof, close and loud.
SFX: lightning flash, then low distant thunder 3 seconds later.
No music. No speech.
```

Mzere woyamba ndi phokoso losatha la pamalopo: mvula yamphamvu padenga la malata, pafupi. Wachiwiri ndi phokoso lochitika kamodzi, ndipo ndanena nthawi yake. Wachitatu ukuletsa nyimbo ndi kulankhula, poti mukasiya mpata pulogalamu imakonda kudzaza yokha.

Malata analira ngati kwathu. Koma bingu linagunda limodzi ndi kung'anima, ngati m'mafilimu ambiri, momwe amaziphatikiza dala kuti oonera adzidzimuke. Ndikuganiza kuti pulogalamuyi inatengera chizolowezi chomwecho ku makanema omwe inaphunzirirapo. Siwerengetsera liwiro la phokoso, imangotsanzira zomwe inaona kawirikawiri.

Ndinayesa kangapo ndisanapeze kanema amene bingu lake linachedwa. Poyesa wanu, mverani kaye mutatseka maso: kodi mungadziwe kuti denga ndi lamalata? Kenako tsegulani maso, ndipo mphezi ikang'anima muyambe kuwerenga masekondi.